Balansi ikuti ndatsala ndi 6GB ya off-peak koma intaneti siikuyenda, ndiye kuti chiyani?

Mayi a Mapasa: Abale pagulu pano ndithandizeni. Ndinagula bandulo ya mwezi yomwe analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 10GB. Lero masana intaneti yangoima, koma ndikafunsa balansi ikundiyankha chonchi:

```
Anytime: 0MB
Off-peak: 6GB
```

Ndiye 6GB imeneyi ndi yanga kapena si yanga? Mawu omwewa ndinawaonaponso pa chikalata cha mitengo ya magetsi, koma sindinawalabadire.

Kadzidzi: Ndi yanu amayi, koma imadzuka usiku ngati ine. Off-peak ndi usiku basi. Dikirani 12 koloko ikwane muona ikuyenda.

Mnyamata wa Shashi: Akuberani amenewo. Makampani onse ndi chimodzimodzi.

Wamawaya: Sanawabere, kungoti nambala yaikuluyo amaiika patsogolo, zofunika kudziwa n'kuzilemba ndi tizilembo tating'ono. Amayi, bandulo yanuyo inali ndi zigawo ziwiri kuyambira tsiku lomwe munaigula: 4GB yogwira nthawi iliyonse, ndi 6GB yogwira pa maola okhawo omwe kampani yasankha. Yoyambayo mwamaliza. Yachiwiriyo ilipo ndithu, koma masana simungaikhudze.

Achimwene a Kadzidzi alondola pang'ono. Nthawi zambiri maolawo amakhaladi usiku, koma off-peak sikutanthauza mdima. Ndi maola omwe anthu ogwiritsa ntchito chinthucho amakhala ochepa, ndipo amene amadula malire ake ndi wogulitsayo. Wina akhoza kunena kuti 00:00 mpaka 05:00, wina 23:00 mpaka 06:00, ndipo kampani imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi maola osiyana pa mabandulo awiri. Choncho musadalire 12 koloko ya munthu wina. Pezani uthenga womwe unabwera mutangogula, kapena tsamba lofotokoza za banduloyo, muone maola enieniwo. Muonenso tsiku lomwe 6GB imeneyi ithere, chifukwa si nthawi zonse pomwe zigawo ziwirizi zimathera tsiku limodzi.

Mayi a Mapasa: Zikomo bambo. Ndaupeza uthengawo, akuti 00:00 mpaka 05:00. Nanga n'chifukwa chiyani amapereka yambiri pa nthawi yoti munthu uli mtulo? Akanangondipatsa 7GB yogwira nthawi iliyonse bwenzi ndikuthokoza.

Wamawaya: Chifukwa kwa iwo GB ya 8 koloko madzulo ndi GB ya 3 koloko usiku si katundu wofanana. Nsanja ya netiweki ili ndi malire a deta yomwe inganyamule pa sekondi, ndipo onse omwe ali pansi pa nsanjayo amagawana. Madzulo aliyense akaweruka n'kuyamba kuonera makanema, nsanja imadzaza, intaneti n'kuyamba kukwawa. Kuti vutolo lithe kampani iyenera kugula zida zina kapena kumanga nsanja ina, zomwe ndi ndalama zambiri. Koma usiku nsanja yomweyo imakhala ikuyaka, ikudya magetsi, popanda womunyamulira kanthu. Mpata wa usikuwo sungasungidwe kuti adzaugulitse mawa madzulo, ukadutsa wadutsa. Zili ngati basi yomwe iyenera kunyamuka ndithu kaya muli anthu kaya mulibe: mipando yopanda anthuyo bola kuigulitsa motchipa. Ndiye kukupatsani 6GB ya usiku sikuwapweteka m'thumba, pomwe 3GB yoonjezera ya madzulo ikanawapweteka.

Pali chinanso chomwe sanganene poyera. Amadziwa kuti ambiri sadzaimaliza. Nambala ya 10GB imakopa, koma yomwe munthu wogona usiku wagula kwenikweni ndi 4GB. Poyerekeza mabandulo awiri, ngati simudzuka usiku, gawani mtengo ndi GB za anytime zokhazo.

Achemwali Anu: Ndiye kuti ndikagula bandulo usiku imatchipa? Komanso mayunitsi a magetsi, ndikagula 1 koloko usiku andipatsa ambiri? Chifukwa ine ndinaonapo kuti tsiku lina ndalama yomweyo inandipatsa mayunitsi ambiri kuposa tsiku lina.

Kadzidzi: Ayi achemwali, akuwerenga nthawi yogwiritsa ntchito, osati yogulira. Mukhoza kugula masana dzuwa likuswa mtengo, chofunika n'choti mukuigwiritsa ntchito nthawi yanji.

Wamawaya: Apo a Kadzidzi alasa. Zomwe munaona pa mayunitsi a magetsizo n'kutheka kuti ndi nkhani ina. Malo ena mtengo umapita m'masitepe: mayunitsi oyamba pamwezi amakhala otchipa, mukadutsa malire ena otsatirawo amakwera. Malo enanso amayamba adula ndalama yokhazikika ya pamwezi kapena ngongole pa tokeni yoyamba ya mweziwo. Zonsezi zimatsatira kalendala ndi kuchuluka kwa zomwe mwagula, sizitsatira wotchi. Off-peak yokha ndiyo imatsatira wotchi.

Gogo Wapenshoni: Ana anga, ine ndimaganiza kuti off-peak ndi nthawi ija amatizimitsira magetsi. Si paja pali "off" pamenepo?

Mnyamata wa Shashi: Agogo mwandiseketsa. Koma ndiye bwenzi tonse tili akatswiri a off-peak.

Wamawaya: Ayi agogo, koma nkhani ziwirizi ndi zapachibale. Kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kumachitika pamene ofuna magetsi achuluka kuposa omwe akupangidwa, ndipo kumavuta kwambiri pa maola a peak, omwe anthu ambiri amafuna magetsi nthawi imodzi. Mitengo yosiyana malinga ndi nthawi ndi njira yonyengerera anthu kuti achoke okha pa maola amenewo asanachite kuwachotsa.

Magetsi ambiri amapangidwa nthawi yomweyo yomwe akugwiritsidwa ntchito. M'mawa anthu akamakonzekera kupita kuntchito, ndiponso madzulo akamaphika, kuyatsa magetsi ndi kutenthetsa madzi nthawi imodzi, kampani imakakamizika kulizanso makina odula kuyendetsa, monga a dizilo kapena a gasi, omwe amangogwira maola ochepa patsiku. Mawaya ndi mathiransifoma nawonso amayenera kukhala aakulu mokwanira ola lovutitsitsalo, ngakhale kuti maola ena onse amanyamula zochepa. N'chifukwa chake yuniti ya madzulo imaidyera kampani zambiri kuposa ya pakati pa usiku.

Si zachilendo izi. Ku Britain kuli mtengo wotchedwa Economy 7 womwe unayamba mu 1978, umapereka maola 7 otchipa usiku. Ku France maola otchipa amakhala 8 patsiku. Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, imagawa tsiku patatu, peak, standard ndi off-peak, ndipo mtengo wa peak umakwera kwambiri m'miyezi yozizira. Ndipo kumene kwachuluka magetsi a dzuwa, makampani ena ayamba kuika maola otchipa masana, chifukwa ndi pamene magetsi amasefukira. Mitengo yambiri imawerenganso mbali ina ya Loweruka ndi Lamlungu ngati maola otchipa, popeza mafakitale ndi maofesi ambiri amakhala otseka.

Kadzidzi: Chabwino, masana ndavomera. Koma mfundo yanga ikadalipo: usiku magetsi amatchipa. Ine ndimasita 11 koloko usiku dala kuti mayunitsi asathe msanga.

Wamawaya: Achimwene, mita yanu ndi yotani? Ngati muli pa mtengo umodzi wa tsiku lonse, monga zimakhalira ndi nyumba zambiri, mukungodzimana tulo. Simbi ya 1,000 W ikayaka ola lathunthu imadya yuniti imodzi, kaya ndi masana kaya usiku. Off-peak sichepetsa mayunitsi omwe chipangizo chikudya, imangosintha mtengo wa yuniti iliyonse, ndiponso pokhapokha ngati mgwirizano wanu ndi kampani uli wa mitengo yotsatira nthawi ndipo mita yanu ili ndi wotchi mkati. Mita yotereyi imasunga mawerengero awiri kapena atatu. Mukadina batani mumaona zinthu ngati `T1` ndi `T2`, kapena `Rate 1` ndi `Rate 2`, ndipo pa bilu pamakhala mizere yosiyana, uliwonse ndi mtengo wake. Ngati pa bilu kapena pa lisiti yanu pali mtengo umodzi wokha wa yuniti, yomwe amailemba kuti kWh, off-peak yomwe munaona pa chikalata cha mitengo ndi ya makasitomala ena, kawirikawiri mafakitale ndi mabizinesi akuluakulu.

Kadzidzi: Lisiti yanga ili ndi mtengo umodzi. Komabe usiku kumasitika bwino, kulibe osokoneza.

Bambo a Lojingi: Ine nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono. Ndili ndi nyumba yogona alendo ya zipinda zochepa, ndipo kumene ndili amalola kusankha pakati pa mtengo umodzi ndi wa maola. Anzanga akundiuza kuti ndisamukire ku wa maola chifukwa usiku ndi theka la mtengo. Ndisamuke?

Wamawaya: Musanasamuke funsani funso lomwe anzanuwo sanakuuzeni: nanga masana mtengo ukhala bwanji? Pa mitengo yotereyi usiku umatsika, koma wa masana umakwera kuposa mtengo umodzi uja. Ndiye phindu limadalira kuti ndi gawo lanji la magetsi anu lomwe lingagwe m'maola otchipawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi nambala zongoyerekeza, inu mudzaikamo zanu. Tinene kuti mtengo umodzi uja ndi 100 pa yuniti. Wa maola ndi 120 masana, 50 usiku. Pamwezi mumadya mayunitsi 300. Pa mtengo umodzi mumalipira 30,000.

Tsopano mwasamuka koma simunasinthe kalikonse m'nyumba. Zomwe zimayaka usiku ndi firiji ndi mababu a panja, tinene mayunitsi 45 pamwezi. Otsala 255 ndi a masana. 255 kuchulukitsa ndi 120 ndi 30,600, ndipo 45 kuchulukitsa ndi 50 ndi 2,250. Zonse pamodzi 32,850. Mwaluza 2,850 chonsecho munasamukira ku mtengo womwe amati ndi wotchipa.

Kuti mupeze malire pomwe simuluza komanso simupindula, onani kuti yuniti iliyonse ya masana ikukudyerani 20 yoonjezera, pomwe yuniti iliyonse yomwe mwaisamutsira usiku ikutsika ndi 70, kuchoka pa 120 kufika pa 50. Gawani 20 ndi 70, mupeza pafupifupi mayunitsi 29 pa 100 alionse. Pa 300 aja ndiye kuti mayunitsi 86 ayenera kugwa usiku kuti mungofanana ndi mtengo wakale. Phindu limayambira pamwamba pa apo.

Bambo a Lojingi: Nanga ndingafike bwanji pa 86? Alendo sangadye chakudya chophikidwa 2 koloko usiku.

Wamawaya: Zophika zisiyeni. Yang'anani zomwe zimasunga ntchito yake kuti mudzaigwiritse nthawi ina: giza imasunga kutentha, pampu imadzaza thanki, batire imasunga moto. Giza ndiye mfumu yake. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuti akwere ndi madigiri 40 kumafuna pafupifupi mayunitsi 7. Tinene kuti yanu imadya mayunitsi 4 patsiku pa maola odula, ndiye 120 pamwezi. Mukaiika pa taima kuti iziyaka usiku wokha, mayunitsi a usiku akhala 165, a masana 135. 135 kuchulukitsa ndi 120 ndi 16,200, ndipo 165 kuchulukitsa ndi 50 ndi 8,250. Pamodzi 24,450, kusiyana ndi 30,000 ija. Nyumba yomweyo, mayunitsi omwewo 300, koma chipangizo chimodzi chasintha kuluza 2,850 kukhala kupulumutsa 5,550.

Muonenso ngati mtengo wa maolawo uli ndi ndalama yokhazikika ya pamwezi yokwererapo, kapena ngati kusintha mita mulipira nokha. Zimenezo muzichotse pa phindulo.

Mayi Mphunzitsi: Ndilowererepo pa giza. Kwathu tinaika taima, ndipo vuto lomwe a Wamawaya sanatchule ndi loti madzi otentha amatha. Anthu akasamba m'mawa, madzi ozizira amalowa m'thanki, ndiye wosamba madzulo amapeza ofunda chabe. Mapeto ake timadina kuti iyakenso 6 koloko madzulo, pa ola lodulitsitsa. Kwa alendo olipira ndiye simungawauze kuti dikirani usiku.

Wamawaya: Zoona mayi, ndipo pamenepo masamu anga aja amatsika. Ngati theka la kutenthetsako libwerera masana, usiku mukhala ndi mayunitsi 105 okha, bilu n'kukhala 28,650. Phindu lilipobe koma lachepa kwambiri. Zimadalira kukula kwa thanki, kukutidwa kwake, ndi nthawi yomwe anthu amasamba. Ngati mtengo wanu uli ndi maola apakati, aja a standard, bola kuiyatsanso chakumasana kusiyana ndi madzulo. Koma musachepetse kutentha kwa giza pofuna kupulumutsa, madzi osungidwa amafunika kufika madigiri 60 kuti tizilombo tisaswane. Ndipo taima ya giza aike ndi wodziwa zamagetsi, chifukwa giza imakoka 2 kW kapena 3 kW kwa maola, titaima tating'ono tapasoketi tikhoza kupsa.

Mayi Mphunzitsi: Chinanso, taima yathu ndi ija yozungulira ngati wotchi. Magetsi akazima nayo imaima, akayaka imapitiriza pomwe inalekera. Akazima maola atatu, giza yomwe imayenera kuyaka 2 koloko mpaka 5 koloko imayamba 5 koloko, n'kulowa m'maola odula inu osadziwa. Yokhala ndi batire mkati ilibe vuto limeneli.

Bambo a Lojingi: Ndiye ndingadziwe bwanji kuti mita ikuwerengera mbali yoyenera?

Wamawaya: Yesani nokha. Masana lembani mawerengero onse awiri, yatsani ketulo kapena simbi kwa kanthawi, muonenso. Liyenera kusuntha ndi la masana lokha. Musaganize kuti `T1` ndi masana nthawi zonse, makampani amasiyana, yerekezani ndi zomwe zili pa bilu. Kenako onani nthawi yomwe mita ikuonetsa, chifukwa yomwe imalamula ndi wotchi ya mita, osati ya pakhoma panu. Wotchi ya mita ikasochera ndi ola limodzi, maola anu otchipa asuntha ndi ola limodzi. M'mayiko omwe amasintha mawotchi nyengo yotentha, mamita ena sasintha nawo, ndiye malire amaoneka ngati asuntha kwa miyezi ingapo.

Mnyamata wa Shashi: Bwererani ku deta akuluakulu, magiza tilibe ife. Ine ndinayamba kudawuniloda gemu 11:50 usiku, ndikuti ikafika 12 ilowa yokha ku off-peak. M'mawa ndinapeza anytime yatha, off-peak sanaikhudze kwenikweni. Ndiye mukuti sakuba?

Kadzidzi: Imeneyo ndi yodziwika aise. Osayamba nthawi isanakwane. Ikakwana dikira mphindi zisanu, zimitsa deta, yatsanso, kenako yamba. Ukapanda kutero amakuwerengera ngati ukadali pa nthawi yakale mpaka kuche.

Wamawaya: "Mpaka kuche" ndikukayika. Mmene zimayendera, foni ikalumikizana, makina owerengera ndalama amaipatsa kagawo ka deta kuchokera m'thumba lomwe likugwira nthawi imeneyo, kakatha foni imapatsidwa kena. Makina okonzedwa bwino amadziwa ola losinthira ndipo amagawa zomwe mwagwiritsa ntchito mbali ziwiri. Ena amachedwa mpaka kagawoko kathe, choncho mukhoza kutaya ma MB angapo, osati bandulo yonse. Zoti anytime yonse yatha zikundipangitsa kuganiza zina: mwina maola a bandulo imeneyo amayamba 1 koloko, kapena panali bandulo ina yomwe imadyedwa poyamba. Munthu akakhala ndi mabandulo angapo, kampani ndiyo imasankha loyamba kudyedwa, ndipo ena amayambira lomwe latsala pang'ono kutha masiku.

Mnyamata wa Shashi: Inali imodzi yokha, ndipo maola ake ndi 12. Ndikuuzani inu.

Kadzidzi: Ndiye ndi zomwe ndanena zija. Zinandichitikiraponso.

Wamawaya: N'kutheka, ma netiweki sakonzedwa mofanana. Kuzimitsa ndi kuyatsa deta sikuononga kanthu, ndiye chitani. Koma kuti mukhale ndi umboni wokadandaulira, funsani balansi nthawi itangokwana, jambulani sikirini, dawunilodani chinthu chodziwika kukula kwake ngati 50MB, dikirani pang'ono, funsaninso balansi. Muona thumba lomwe latsika.

Koma choopsa kwambiri chili kumapeto kwa maolawo. 5 koloko ikakwana dawunilodi siima yokha. Imapitiriza kudya anytime, ndipo ngati anytime yatha, ma netiweki ena amayamba kudya mayunitsi a mufoni pa mtengo wopanda bandulo, womwe ndi wodula kwambiri. Ndiye werengerani ngati chinthucho chikwana. Pa liwiro la 5 Mbps mumakoka pafupifupi 2.25GB pa ola, ndiye 6GB imafuna maola awiri ndi mphindi 40, ikwana bwinobwino. Koma pa 2 Mbps ndi 0.9GB pa ola, maola asanu onse amangokupatsani 4.5GB, yotsalayo idzagwera m'mawa inu muli mtulo.

Mayi a Mapasa: Apa ndiye pandikhudza, chifukwa anytime yanga ili pa 0 ndipo mufoni muli mayunitsi. Ndichite bwanji kuti asadyedwe? Sindingakhale maso mpaka 5 koloko.

Kadzidzi: Amayi, simufunika kukhala maso. Sankhani zinthu zazikulu zomwe mukufuna: kukonzanso mapulogalamu a mufoni, makanema a ana oti adzaonere popanda intaneti, kutumiza zithunzi kosungira. Yambitsani 12 itadutsa, ikani alamu ya 4:45 kuti mudzazimitse deta. Pali mapulogalamu ena odawunilodera omwe mumawauza ola loyambira ndi lolekera. Koma chenjerani, zambiri mwa zimenezi foni imazichita pa Wi-Fi pokha mpaka mutailola kugwiritsa ntchito deta, ndipo mukailola muzikumbukira kubweza, apo ayi izidzachita masana bandulo yatsopano ikadzabwera.

Achemwali Anu: Ma netiweki ena ali ndi posankha kuti bandulo ikatha intaneti ingoima osakhudza mayunitsi. Fufuzani pa menyu yawo kapena muwaimbire. Ine funso langa lina: hotisipoti imagwira pa off-peak? Ndikufuna kukonzanso mapulogalamu a mu laputopu usiku.

Wamawaya: Ngati ndi deta wamba yongoikidwa malire a nthawi, imagwira. Koma mabandulo ena a usiku amakhalanso ndi malire a mapulogalamu, monga makanema okha kapena macheza okha, ndipo ena amaletsa kugawira zipangizo zina. Yesani ndi kafayilo kakang'ono kaye monga ndanenera. Ndipo laputopu ikaona hotisipoti imayesa ndi Wi-Fi yaulere, imayamba kukoka zonse zomwe inkadikira. Pa Windows pali `Metered connection`, yomwe imachepetsa zomwe laputopu imakoka yokha, muiyatse masana, muizimitse pa maola otchipawo.

Bambo a Lojingi: Ine ndayang'ana mabilu anga akale koma onse ali ndi nambala imodzi, sakuonetsa kuti usiku ndimadya angati. Ndiyambire pati?

Mayi Mphunzitsi: Lembani nokha bambo. Werengani mita pa ola lomwe maola otchipa amayamba ndi pa ola lomwe amathera, kwa sabata yathunthu kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu. Kusiyana kwake ndi mayunitsi anu a usiku. Musankhe sabata yomwe muli alendo ochuluka mwachizolowezi, osati yopanda anthu, chifukwa nyumba ikakhala yopanda anthu firiji ndi mababu a panja zimaoneka ngati gawo lalikulu, masamu n'kukunamizani.

Bambo a Lojingi: Maola otchipa kuno amayamba 10 koloko usiku, ndiye ndizikwanitsa. Koma m'mawa amatha 6 koloko, nthawi yomwe alendo amayamba kusamba. Giza izikhala itazima kale pamenepo kapena ndiisiye mpaka 7?

Wamawaya: Izime 6 isanakwane, ndipo muiyambitse mochedwa kuti imalize kutenthetsa chakumapeto kwa maolawo, madzi asakhale nthawi yaitali akuzizira m'thanki. Ya 3 kW imafuna maola awiri ndi mphindi 20 kuti ipereke mayunitsi 7 aja, ndiye kuyambira 3 koloko kukukwanirani. Ngati osamba ali ambiri moti thanki imodzi siikwana, pamenepo muwerengere kaye mtengo wa thanki yaikulu musanasaine za kusamukako.